Paketi Imodzi ya Nyama ya Soya Imakwanira Anthu Angati?

Lamulungu lina, pa maphunziro a kaphikidwe amene timachita ndi amayi a kumpingo, panabuka kamkangano kamene sitinakayembekezere. Mayi wina ananyamula paketi ya nyama ya soya n'kutiwerengera zolembedwa kumbuyo kwake: pa magalamu 100 aliwonse muli magalamu 50 a mapuloteni. Ndiye anati, "Mwaonatu, iyi ikuposa nkhuku kawiri. Kwathu paketi imodzi imatikwanira tonse asanu ndi mmodzi, mwinanso n'kutsalako." Mnzake, amene ali ndi matenda a shuga, anayankha kuti iye anasiya kuidya chifukwa cha manambala omwewo. Anati mphamvu zolembedwa papaketipo n'zofanana ndi za ufa, ndipo akuopa kuti zimukweza shuga n'kumunenepetsa.

Onse awiri anawerenga bwino, koma onse awiri analakwitsa pamalo amodzi. Manambala a papaketi amanena za nyama ya soya youma, monga ilili pa shelefu ya golosale. Imene timadya si imeneyo. Timadya yofufuma, imene yamwa madzi. Pakati pa paketi ndi mbale pamachitika kusintha kwakukulu, ndipo amene sakukudziwa angathe kumana banja lake ndiwo akuganiza kuti walidyetsa bwino, kapena kudzimana yekha chakudya chimene chikanamuthandiza. M'mabanja athu ambiri, mmene nyama sitidya kapena timangoidya mwa apo ndi apo, nyama ya soya ndi ndiwo ya masiku ambiri pa mlungu. N'chifukwa chake mwezi uno taganiza zoti tikhale pansi n'kuwerengera limodzi.

Muli chiyani m'paketimo?

Nyama ya soya imapangidwa kuchokera ku soya amene wayengedwa kale mafuta. Mafuta akachoka pamatsala ufa wokhala ndi mapuloteni ambiri. Ufawo amaunyowetsa pang'ono n'kuudutsitsa m'makina otentha kwambiri amene amaupanikiza mwamphamvu. Ukamatuluka m'makinamo, nthunzi imathawa mwadzidzidzi n'kusiya timabowo tambirimbiri m'kati mwake. Kenako amaudula tizidutswa n'kuumitsa. Timabowo timeneti ndi timene timachititsa kuti kachidutswa kalikonse kakhale ngati siponji.

Tikatenga magalamu 100 a nyama ya soya youma yopangidwa ndi soya woyengedwa bwino, pafupifupi theka lake, magalamu 50, ndi mapuloteni, zija timazitcha zomanga thupi. Magalamu 33 kapena 34 ndi makabohaidireti, zopatsa mphamvu, ndipo pafupifupi theka la amenewa ndi faiba, zija zosagayika m'mimba zimene zimathandiza kuti munthu azichita chimbudzi bwino. Mafuta ndi ochepa zedi, galamu imodzi kapena awiri. Zotsalazo ndi michere ndi timadzi tochepa. Mphamvu yonse ikaphatikizidwa imafika pa makalori 330 kapena kuposerako pang'ono.

Si paketi iliyonse imene ili chimodzimodzi. Mafakitale ena amagwiritsa ntchito soya wofinyidwa chabe, amene amatsalira mafuta ochulukirapo, ndipo ena amasakanizako ufa wa mbewu zina. Pamenepo mapuloteni amatsikirako. Choncho yambani mwawerenga paketi yanu. Ngati yalemba 45 kapena 42, gwiritsani ntchito nambala imeneyo m'malo mwa 50 amene ife tigwiritse ntchito m'nkhani ino. Kawerengedwe kake n'komweko.

Madzi amawonjezera kulemera kokha

Tikanyika magalamu 100 a nyama ya soya m'madzi otentha, kapena kuiwiritsa kwa mphindi khumi, timabowo tija timadzaza madzi. Tikaikhetsa n'kuiyeza timapeza kuti yalemera pafupifupi magalamu 300. Yamwa madzi olemera kawiri kuposa iyo yomwe. Koma madzi alibe mapuloteni, alibe mafuta, alibe mphamvu. Magalamu 50 a mapuloteni aja akadali 50, kungoti tsopano amwazikana m'chakudya cholemera katatu.

Ndiye tikapatulako magalamu 100 a yofufumayo, tatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a zonse zimene zinali mu youma ija. Mapuloteni ake ndi magalamu 16 kapena 17, osati 50. Makabohaidireti ndi magalamu 11 kapena kucheperako, osati 33. Mafuta safika ndi galamu imodzi yomwe, ndipo makalori ndi 110, osati 330. Magawo awiri mwa atatu a chimene chili m'mbale yathu ndi madzi.

Zimenezi si zachilendo m'khitchini. Mpunga ndi nyemba zimateronso: nyemba zouma zili ndi magalamu oposa 20 a mapuloteni pa magalamu 100, koma zophika zili ndi 8 kapena 9. Kusiyana kwake n'kwakuti palibe amene amayerekeza nyemba zouma ndi nkhuku yophika. Nyama ya soya ndi imene imatipusitsa chifukwa cha dzina lake ndi maonekedwe ake. Nyama yeniyeni imachita zosiyana ndi zimenezi pamoto: imataya madzi n'kunyala, moti nkhuku imene ili ndi magalamu 20 a mapuloteni ikakhala yaiwisi imafika pa 27 kapena kuposerapo ikapsa. Choncho tikaika mbale ziwiri zolemera mofanana, ina ya nkhuku yophika ina ya soya yophika, ya nkhuku ndiyo ili ndi mapuloteni ambiri. Mayi uja ananena kuti soya ikuposa nkhuku kawiri anali kuyerekeza chouma ndi chonyowa. Izi sizikuchotsera ulemu nyama ya soya. Ikadali kuposa nyemba zophika pafupifupi kawiri, ndipo siifuna nkhuni za maola atatu. Zikungotiuza kuti tiyenera kuipakula mokwanira.

Kufinya kumasintha nambala

Tanena kuti imalemera katatu, koma zimatengera manja a wophika. Amene amaifinya mwamphamvu asanaikazinge angapeze kuti magalamu 100 afika pa 250 okha. Pamenepo magalamu 100 a yofinyidwayo ali ndi magalamu 20 a mapuloteni. Amene amaiwiritsa nthawi yaitali n'kuisiya mumsuzi angapeze kuti yafika pa 350, ndipo magalamu 100 ake amangokhala ndi 14. Tizidutswa ting'onoting'ono timamwa madzi msanga kuposa zikuluzikulu, zimene nthawi zina zimakhala zofewa kunja koma zouma pakati. Mukang'amba chidutswa n'kupeza pakati pali polimba ndi potuwa, sichinamalize kumwa madzi.

Ambiri a ife timaphikiratu ndiwo za pa Sabata Lachisanu madzulo. Ndiwo yagona mumsuzi usiku wonse imamwa msuziwo, moti m'mawa mumapeza msuzi wachepa ndipo zidutswa zakula. Chipande chodzadza cha ndiwo imeneyi chimakhala ndi mapuloteni ocheperako kusiyana ndi chipande chodzadza cha yongokazingidwa kumene, ngakhale zonse zachokera m'paketi imodzi.

Ngati muli ndi sikelo ya m'khitchini, yesani kamodzi kokha ndipo mudzadziwa nambala ya khitchini yanu. Yezani youma. Iphikeni monga mumachitira masiku onse, ikhetseni, n'kuiyezanso musanathire mafuta ndi matimati. Gawani kulemera kwachiwiri ndi koyamba. Ngati magalamu 90 asanduka 270, nambala yanu ndi 3. Kuyambira pamenepo, nambala iliyonse ya papaketi muziigawa ndi 3 kuti mudziwe zimene zili mu yophika.

Nanga madzi amene timataya aja?

Wina anafunsa ngati potaya madzi onyikira sititaya chakudya. Timataya zina, koma si mapuloteni kwenikweni. Kutentha kwa m'makina kuja kumalimbitsa mapuloteni a soya moti ambiri sasungunuka m'madzi. Chimene chimasungunuka ndi shuga wachilengedwe wa mu soya, michere ina monga potaziyamu, ndi kafungo kauwisi kamene ambiri sakakonda. Pakati pa mitundu ya shuga imeneyi pali ina imene matumbo athu sagaya, ndipo ndi imene imadzaza mpweya m'mimba, monga zimachitira nyemba. Choncho amene amadandaula kuti nyama ya soya imawatupitsa m'mimba ayesere kuiwiritsa, kutaya madziwo, kuitsukuluza ndi madzi ena n'kuifinya. Makabohaidireti amatsikirako pang'ono, mapuloteni amatsala pafupifupi onse.

Tiwerengere banja la anthu asanu ndi mmodzi

Tibwerere kwa mayi uja. Panyumba pake pali bambo, iyeyo amene akuyamwitsa khanda la miyezi inayi, agogo aakazi, mnyamata wa zaka 15, mtsikana wa zaka 10 ndi kamwana ka zaka 4. Paketi imene amagula ndi ya magalamu 90. Theka la 90 ndi 45, ndiye m'paketi yonse muli magalamu 45 a mapuloteni. Ikafufuma imalemera magalamu 270. Akathirako matimati anayi, anyezi ndi madzi a msuzi, poto amadzadza ndithu, ndipo aliyense amalandira mbale yooneka bwino. Koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Magalamu 45 akagawidwa kwa anthu asanu ndi mmodzi, aliyense amapeza 7 ndi theka. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Ndiye kuti bambo amene walima tsiku lonse ndi mayi woyamwitsa aliyense wadya zongoposa pang'ono dzira limodzi.

Kodi zimenezi n'zochepa? Tiyeni tione zimene thupi limafuna. Lipoti la akatswiri a Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse la mu 2007 linanena kuti munthu wamkulu amafunika magalamu 0.83 a mapuloteni patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Munthu wolemera makilogalamu 60 amafunika pafupifupi magalamu 50. Mayi woyamwitsa amafunika kuwonjezerapo magalamu 19 patsiku m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira, ndipo mayi woyembekezera amafunika kuwonjezera oposa pamenepo m'miyezi itatu yomaliza.

Mapuloteni amenewa sachokera m'ndiwo zokha. Chimanga nacho chili nawo, magalamu 7 mpaka 9 pa magalamu 100 a ufa, mgaiwa ukuposa ufa woyera. Munthu wamkulu amene wamwa phala m'mawa, n'kudya nsima masana ndi madzulo pamodzi ndi masamba, angathe kupeza magalamu ngati 30 kuchokera m'zimenezi. Kwa munthu wa makilogalamu 60 uja patsala 20 oti achokere ku ndiwo. Kwa mayi woyamwitsa patsala pafupifupi 40. Ndipo pali chinanso. Mapuloteni a m'chimanga ndi operewera chinthu china chofunika chotchedwa laisini, chimene thupi silingathe kupanga lokha, pamene soya ali nacho chambiri. Nsima ndi soya zikakumana m'mimba zimakwaniritsana, moti mapuloteni a m'nsima amagwira ntchito bwino kuposa akanakhala okha. Koma kuti zimenezi zitheke soyayo akhale wokwanira, osati tizidutswa titatu tosambira mumsuzi.

Choncho ife timalangiza kuti, pamene nyama ya soya ndiyo ndiwo yaikulu ya chakudyacho, munthu wamkulu apeze magalamu 15 a mapuloteni kuchokera m'menemo. Amenewa ali m'magalamu 30 a youma, omwe ndi magalamu 90 a yofufuma. Mwachidule, paketi ya magalamu 90 ndi ya akuluakulu atatu. Banja la mayi uja likufunika mapaketi awiri, osati imodzi.

Werengani zidutswa, osati zipande

Ambiri a ife tilibe sikelo, ndipo ngakhale amene ali nayo sangamayeze mbale iliyonse. Pali njira yosavuta imene imachokera pa mfundo imodzi: madzi amasintha kukula ndi kulemera kwa zidutswa, koma sasintha chiwerengero chake. Zidutswa khumi zouma zikhalabe khumi zikafufuma, kaya mwazifinya kaya zagona mumsuzi, ndipo mapuloteni ake ndi omwewo.

Tsegulani paketi ya magalamu 90 n'kukhuthulira palichero. Gawani milu isanu ndi umodzi yofanana. Mulu uliwonse ndi magalamu 15, ndipo uli ndi magalamu 7 ndi theka a mapuloteni. Werengani zidutswa za mulu umodzi n'kusunga nambalayo pamtima, kapena ilembeni pakhoma la khitchini. Ngati mtundu umene mumagula uli wa tizidutswa tosawerengeka, pezani kakapu kapena chivindikiro cha botolo chimene mulu umodzi umadzaza, ndipo chimenecho chikhale muyeso wanu musanaphike. Mukasintha mtundu, werenganinso, chifukwa zidutswa zimasiyana kukula.

Mapaketi awiri amapereka milu 12. Kwa banja lija tingagawe motere: mayi woyamwitsa milu itatu, bambo iwiri ndi theka, mnyamata iwiri, agogo iwiri, mtsikana umodzi ndi theka, kamwana umodzi. Mayi apeza magalamu oposa 22 a mapuloteni, agogo ndi mnyamata 15 aliyense, kamwana 7 ndi theka. Kwa kamwana ka zaka 4, kamene kamafunika magalamu ngati 14 patsiku lonse, mulu umodziwo ndi theka la chosowa chake cha tsikulo. Muzikaduladulira zidutswazo kuti kasatsamwe nazo ndiponso kuti kasangomwa msuzi n'kusiya zolimba.

Taonani amene walandira gawo lalikulu. M'nyumba zambiri mbale ya bambo ndiyo imayamba kupakulidwa, ana n'kutsatira, ndipo mayi amadya zotsalira m'poto, zimene nthawi zambiri zimakhala msuzi. Pa nthawi yoyamwitsa ndi ya pakati ndi mayi amene thupi lake likufuna zambiri kuposa aliyense panyumbapo. Abambo amene mukuwerenga tsamba lino, yang'anani mbale ya akazi anu musanayambe kudya. Musaiwalenso agogo. Okalamba amadya nsima yochepa, choncho amadalira kwambiri ndiwo kuti minofu yawo isathe, ndipo ngati mano ndi ovuta, awiritsireni zidutswazo mpaka zifewe bwino m'malo mowapatsa msuzi wokha.

Ngati ndalama ikukwana paketi imodzi yokha

Tikudziwa kuti kunena kuti gulani mapaketi awiri n'kosavuta kuposa kuwagula. Chofunika n'kudziwa chimene chasowa kuti tichipeze kwina. Paketi yachiwiriyo ikanabweretsa magalamu 45 a mapuloteni. Nyemba zouma zolemera magalamu 200, pafupifupi kapu imodzi yodzadza, zili ndi magalamu ofanana ndi amenewo. Nandolo ndi khobwe sizisiyana kwenikweni ndi nyemba. Mukaziphika n'kuzisakaniza ndi nyama ya soya m'poto mmodzi, kapena kuziika padera, banja lonse lapeza zokwanira. Nsinjiro nazo zimathandiza: magalamu 100 ali ndi magalamu 25 a mapuloteni, moti nkhwani kapena mpiru wotendera bwino umakwaniritsa theka la chimene chasowa. Kwa amene amadya mazira, mazira awiri owonjezera m'mbale ya mayi woyamwitsa amamubwezera magalamu 12.

Chimene sichithandiza ndi kuwonjezera madzi ndi matimati kuti poto adzadze. Zimenezi zimachulukitsa msuzi wodyera nsima, ndipo mimba imakhuta, koma mapuloteni amakhala omwe aja. Chakudya chimodzi choperewera sichivulaza munthu. Vuto limabwera pamene ndi mmene timadyera mlungu ndi mlungu, tikukhulupirira kuti nambala 50 ya papaketi ija ikufika m'mbale ya aliyense.

Kwa amene akuopa shuga ndi kunenepa

Tsopano tiyankhe mayi wachiwiri uja. N'zoona kuti magalamu 100 a nyama ya soya youma ali ndi makalori oyandikira a ufa wa chimanga. Koma palibe amene amadya magalamu 100 a youma pa chakudya chimodzi, chifukwa imeneyo ndi paketi yonse ndi kapamwamba. Gawo la munthu wamkulu, magalamu 30 a youma, lili ndi makalori 100 okha ndi magalamu 10 a makabohaidireti, ndipo pafupifupi theka la amenewo ndi faiba imene siikweza shuga m'magazi. Yerekezani ndi nsima yophikidwa ndi magalamu 100 a ufa, imene ili ndi magalamu oposa 70 a makabohaidireti. M'mbale ya munthu wa matenda a shuga, chofunika kuchiyang'anira ndi kukula kwa mtanda wa nsima, osati zidutswa za soya.

Pali malo amodzi pamene nkhawa ya mayiyu ili yoona, ndipo ndi pa chiwaya. Siponji imene yafinyidwa imamwa chilichonse chimene yakumana nacho. Nyama ya soya yofinyidwa ikaponyedwa m'mafuta otentha, timabowo timene munali madzi timadzaza mafuta, ndipo wophika akaona chiwaya chauma amathiranso ena. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira imalemera magalamu 14 ndipo ili ndi makalori 120. Paketi yonse ya magalamu 90 ili ndi makalori pafupifupi 300. Mukaikazinga ndi masupuni atatu, mwawonjezera makalori 360, kuposa a soya yemweyo. Ndiwo imene inatuluka m'paketi ili ndi galamu imodzi kapena awiri a mafuta yafika patebulo ili ndi oposa 40. Mungadziwe kuti zachitika mukatsina chidutswa chophika: ngati zala zikunyezimira ndipo pakutuluka mafuta m'malo mwa msuzi, chamwa ambiri.

Njira yabwino ndi kuyeza mafuta ndi supuni, osathira kuchokera m'botolo. Supuni imodzi kapena imodzi ndi theka pa paketi imakwana. Yambani mwakazinga anyezi ndi matimati m'mafutawo mpaka zipange msuzi, kenako ponyanimo nyama ya soya yofinyidwa kuti imwe msuziwo. Imakoma kwambiri motero chifukwa kukoma kumalowa m'kati. Sitikunena kuti mafuta achotsedwe onse. Ana aang'ono, amene mimba zawo n'zazing'ono, amafunika mafuta kuti apeze mphamvu yokwanira, ndipo nyama ya soya payokha ili ndi mafuta ochepa kwambiri. Kwa iwo kamafuta kapena nsinjiro m'ndiwo n'zothandiza.

Malire ake

Pali zinthu zitatu zimene kuwerengera kwathuku sikukonza. Choyamba ndi mchere. Mapaketi ambiri amabwera ndi kathumba ka zokometsera, ndipo gawo lalikulu la zimenezo ndi mchere. Mukaphika mapaketi awiri simukakamizidwa kuthira timathumba tonse tiwiri, ndipo mukathira, musawonjezerenso mchere wina musanalawe. Bungwe la zaumoyo lija limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi supuni yaing'ono imodzi yosadzadza. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi asamale kwambiri pamenepa.

Chachiwiri ndi vitamini B12. Soya alibe vitamini ameneyu mwachilengedwe, ngakhale mutadya wochuluka bwanji. Banja limene silidya nyama, nsomba, mazira kapena mkaka liyenera kumupeza m'zakudya zowonjezeredwa vitaminiyu kapena m'mapiritsi, makamaka amayi oyembekezera ndi oyamwitsa.

Chachitatu ndi matenda a impso. Amene anauzidwa kuchipatala kuti achepetse mapuloteni kapena potaziyamu asatsatire magawo amene tapereka pano. Atenge paketi yopanda kanthu popita kuchipatala, aonetse dokotala kapena katswiri wa zakudya, ndipo afunse kuti adye magalamu angati a youma. Mawu akuti "youma" awatchule momveka, chifukwa kusamvana pa liwu limodzi limeneli kungachititse munthu kudya katatu kuposa zimene anauzidwa, kapena gawo limodzi lokha mwa atatu.

Tisanabalalike tsiku lija, tinakhuthula paketi imodzi palichero n'kuigawa milu isanu ndi umodzi. Mayi wa banja lalikulu uja anayang'ana mulu umodzi kwa kanthawi, kenako anaseka n'kunena kuti, "Ndiye kuti bambo a kwathu ndakhala ndikuwapatsa gawo la mwana wa zaka zinayi." Mnzake wa shuga anatenga milu iwiri n'kuikulunga m'pepala kuti akaphike madzulo omwewo. Mlungu uno, musanaike madzi pamoto, gawani paketi yanu palichero, werengani zidutswa za mulu umodzi, kenako werengani anthu amene adye.